Mgwirizano wa lendi uli ndi ndime zoopsa: ndisaine kapena ndipeze loya kaye?

"Zikomo. Ine ndimakhala ku Joni, ndipo ndapeza fulati ya zipinda ziwiri ku Turffontein, lendi yake R6 500 pamwezi, kwa miyezi 12. Ndizikhala ndi msuweni wanga, tizigawana lendiyo. Ejenti wanditumizira mgwirizano wa masamba 14 pafoni, akuti ndisaine pofika Lachisanu ndi kupereka dipoziti ya R13 000. Mnzanga wodziwa Chingerezi wandiwerengera. Akuti muli ndime yoti ndikachedwa kulipira masiku atatu adzasintha loko ndi kudula magetsi, ina yoti ndikatuluka nthawi isanakwane dipoziti yapita komanso ndilipire miyezi yonse yotsala. Akufunanso kuti achimwene anga asaine tsamba lomaliza ngati mboni. Kodi zomwe wandiuza mnzangazi n'zokwanira, kapena ndiwononge ndalama kwa loya?" Mayi wa ku Turffontein

Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa simunasaine. Pepala likadali m'manja mwanu lopanda dzina lanu, chilichonse chingathe kukambidwa. Mukangosaina, lamulo la kuno limatenga kuti munawerenga ndipo munavomera, ngakhale Chingerezi chake simunachimve. Khoti silimva msanga dandaulo loti "sindinadziwe zomwe zinalembedwa". Ndiye mnzanu uja wakuthandizani kwambiri. Koma iye wakuuzani zomwe pepala likunena, ndipo zomwe pepala likunena si nthawi zonse zomwe lamulo lingalole. Ndime ziwiri zakuopsezanizo ndi zofooka kuposa momwe zikumvekera. Yomwe ingakupwetekeni zenizeni ndi ya patsamba lomaliza ija, imene mwaitchula mongodutsa.

Tiyambe ndi ya loko ndi magetsi. Ndime imeneyo ndi galu wopanda mano. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 26, amati munthu asachotsedwe panyumba pake popanda chigamulo cha khoti, ndipo mawu ake amanena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Lamulo la 1998 lomwe anthu amangoti PIE limafotokoza njira yake: mwininyumba apite kukhoti, inu mulandire chidziwitso masiku 14 mlandu usanamvedwe, ndipo khoti likagamula, wochotsa munthu ndi sherifu, osati mwininyumba kapena anyamata ake. Lamulo la nyumba za lendi, Rental Housing Act la 1999, limatenga kutsekera munthu kunja ndi kumudulira magetsi kapena madzi mosatsata lamulo ngati mlandu womwe mwininyumba angapatsidwe nawo chindapusa kapena kumangidwa. Ngakhale mutasaina ndime ya masiku atatuyo, siisanduka yololedwa.

Musatenge zimenezi ngati chilolezo chochedwa ndi lendi. Mukapanda kulipira, angathe kukulemberani kalata, kuthetsa mgwirizano ndi kupita kukhoti, ndipo ndalama za maloya ake zingagwere inu. Komanso ndimeyo ikukuuzani khalidwe la munthu amene mukufuna kuchita naye lendi. Nthawi zina ejenti amangokopera mgwirizano wakale osauwerenga, ndipo mukamuuza amafufuta popanda mkangano. Akakakamira kuti ikhalepo, dziwani kuti tsiku lina mungadzabwere kuntchito n'kupeza loko wina pachitseko. Khoti kapena bungwe la Gauteng Rental Housing Tribunal lingamulamule kuti atsegule, inde, koma usiku umenewo mudzakhala mutagona kwa anzanu.

Ndime yotuluka nthawi isanakwane ikufunika kuwerengera. Tinene kuti mwakhala miyezi isanu, ntchito yatha kapena kumudzi kwagwa zovuta ndipo mukubwerera. Yatsala miyezi 7. Monga pepala likunenera, mulipire 7 kuchulukitsa ndi R6 500, yomwe ndi R45 500, kuphatikizapo R13 000 ya dipoziti yomwe sibweranso. Zonse R58 500. Koma lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 14, limalola wochita lendi kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka notisi yolembedwa ya masiku 20 ogwira ntchito. Masiku amenewa sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, ndiye ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Mwininyumba amaloledwa kukulipiritsani chindapusa, koma choyenera, ndipo sichiyenera kukula mpaka kupha ufulu wothetsa mgwirizanowo. Poyeza kuyenera kwake amaona zinthu monga nthawi yotsala, notisi yomwe munapereka, ndi mwayi woti apeze munthu wina wolowa. Fulati ikakhala mwezi umodzi yopanda munthu kenako wina n'kulowa, chimene mwininyumba wataya ndi R6 500 ndi ndalama zotsatsira malo. Kufuna R58 500 pamenepo ndi kudya kawiri, chifukwa wolowa uja akulipiranso miyezi yomweyo.

Apa ndi pamene kuwerenga kwa mnzanu kumathera. Lamulo la ogulali limagwira ntchito ngati mwininyumba amachititsa lendi monga bizinesi yake. Kampani yokhala ndi mafulati ambiri, palibe chokayikitsa. Koma munthu amene ali ndi fulati imodzi, wapita kukagwira ntchito ku Durban chaka chimodzi n'kuisiya kwa inu, pakhoza kukhala mkangano ngati lamuloli likumukhudza. Komanso mgwirizano ukakhala pakati pa makampani awiri, monga inu mutasaina m'dzina la kampani yanu ya saluni ndipo mwini wake ndi kampaninso, gawo 14 siligwira ntchito. Yankho lake silili m'masamba 14 aja. Lili m'mbiri ya mwininyumbayo ndi momwe makhoti amaonera nkhani zotere. Pali lamulo lina la 1962, Conventional Penalties Act, lolola khoti kuchepetsa chindapusa choposa kwambiri zomwe winayo wataya, koma limenelo mumalipeza mlandu uli kale kukhoti, ndipo pamafunika wodziwa kulankhula kumeneko.

Za dipoziti ndidutse mwachangu, chifukwa lamulo la 1999 lija linazilemba momveka. Ndalamayo iyenera kusungidwa kubanki mu akaunti yopatsa chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Musanalowe, inu ndi mwininyumba muyendere limodzi fulatiyo, mulembe zowonongeka zonse, pepalalo limatidwe ku mgwirizano. Potuluka muyenderenso limodzi m'masiku atatu omaliza. Ngati palibe chowonongeka kapena ngongole, dipoziti ibwere pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsala ibwere pasanathe masiku 14, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti a zomwe wakonzazo. Inu mukapanda kufika poyenderapo, nthawi imatalika kufika masiku 21. Mwininyumba akapanda kuyendera nanu, lamulo limatenga kuti wavomera kuti nyumba ili bwino. Ndiye mawu oti dipoziti "yapita" basi sagwirizana ndi dongosolo limeneli. Angachotsepo zomwe muli nazo ngongole, osati kuimeza yonse popanda kuwerengera. Jambulani zithunzi tsiku lolowa: mpopi wodontha, tailosi yosweka, nkhungu kubafa, giza, ndi manambala a mita ya madzi ndi magetsi.

Tsopano tsamba lomaliza lija. Kwathu mawu oti mboni timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Pali mboni yongoona kuti wasaina ndi uje, palinso mboni ya ngongole kapena ya belo, yomwe imasenza mlandu wa mnzake. M'Chingerezi cha mapepalawa ndi mawu awiri osiyana kotheratu, ndipo anthu athu ambiri agwera m'mbuna imeneyi. Tsegulani pepala lija pafoni, mufufuze mawu awa monga alembedwera: witness, kenako surety. Loyambalo ndi mboni wamba, ndipo kawirikawiri pamakhala mizere iwiri yaifupi pafupi ndi pomwe inu mukusaina. Mboni wamba safuna tsamba lakelake. Ngati achimwene anu apatsidwa tsamba lonse, lokhala ndi malo olemba nambala ya pasipoti, adiresi ndi komwe amagwira ntchito, mosakayikira akuwapempha kuimira ngongole yanu.

Ndime imeneyo ndi yololedwa ndi lamulo, ndipo n'chifukwa chake ili yoopsa. Lamulo limangofuna kuti ikhale yolembedwa ndi yosainidwa ndi woimirayo. Ikatero, yagwira. Mukaona mawu oti surety and co-principal debtor, tanthauzo lake ndi loti achimwene anu ali ngati anatenga ngongoleyo okha. Mwininyumba safunika kuyamba wakusakani inu, kapena kugulitsa katundu wanu kaye. Angapite kwa iwo molunjika, makamaka ngati iwo ndiwo ali ndi ntchito yolandira malipiro kubanki pomwe inu mwawoloka kale Mwanza. Kawirikawiri pamatsatira chiganizo chokhala ndi mawu oti excussion ndi division, chonena kuti woimirayo wataya ufulu wouza mwininyumba kuti ayambe ndi mwini ngongole, ndi ufulu woti ngongole igawidwe pakati pa oimira ngati alipo angapo.

Pa tsamba limenelo yang'anani zinthu ziwiri: malire a ndalama ndi malire a nthawi. Mapepala ambiri salemba malire aliwonse. Amangoti woimirayo adzalipira chilichonse chomwe wochita lendi angakhale nacho ngongole, tsopano kapena m'tsogolo, kuphatikizapo mgwirizano ukawonjezeredwa. Miyezi 12 ikatha inu n'kupitiriza kukhala, mgwirizano umapitirira mwezi ndi mwezi, ndipo ngati tsambalo linalembedwa motero, achimwene anu amapitirira nawo osadziwa. Pakatha zaka zitatu, lendi itakwera katatu, kalata ya loya imafika kuntchito kwawo. Chimene mungapemphe n'chosavuta kunena: palembedwe kuti akuimira ndalama zosapitirira R13 000, mwachitsanzo, komanso kwa miyezi 12 yoyambayo basi. Mwinanso funsani ejenti chifukwa chomwe akufunira woimira pomwe watenga kale dipoziti ya miyezi iwiri. Ena amasiya chimodzi mwa ziwirizi mukawafunsa mwaulemu koma molimba.

Nkhani ya msuweni wanu ili ndi msampha wofanana. Ngati nonse awiri mukusaina, fufuzani mawu oti jointly and severally. Inu munapangana kuti aliyense azipereka R3 250, koma pangano limenelo ndi la inu awiri, mwininyumba silimukhudza. Mawu aja akutanthauza kuti angafune R6 500 yonse kwa aliyense wa inu. Msuweni akasamukira ku Cape Town mwezi wachinayi, lendi yonse yatsala pamutu panu, ndipo inu mukalephera yagwera achimwene. Ngati mukusaina nokha, vuto limatembenuka: onani ndime yonena za chiwerengero cha anthu ololedwa kukhala m'nyumbamo ndi yoletsa kuchititsa lendi munthu wina. Msuweni wosatchulidwa m'pepala, wolipira theka la lendi, angatengedwe ngati munthu yemwe mwamuchititsa lendi popanda chilolezo, ndipo kumeneko ndi kuphwanya mgwirizano. Dzina lake lilembedwe monga wololedwa kukhalamo.

Pali ndime ziwiri zogonera kumapeto zomwe owerengera anzawo amazilumpha chifukwa zimaoneka ngati mwambo chabe. Ina imati pepalali ndilo mgwirizano wonse, ndipo kusintha kulikonse kukhale kolembedwa ndi kosainidwa ndi mbali zonse. Makhoti a kuno amailemekeza ndime imeneyi kuyambira pa chigamulo cha 1964 cha mlandu wodziwika kuti Shifren. Ndiye ejenti akakuuzani pakamwa kuti "giza tikonza musanalowe" kapena "ndime ya loko ija musaiwerengere, sitichita zimenezo", mawuwo apita ndi mphepo. Chomwe mwagwirizana chilowe m'pepala. Pofufuta ndime, lembani mzere ndi bolopeni, nonse muike zilembo zoyamba za maina anu m'mbali mwake, ndipo mutenge kope yanu yosainidwa tsiku lomwelo. Ina ndi yokhala ndi mawu a Chilatini oti domicilium citandi et executandi. Imeneyo ndi adiresi yomwe mwasankha kuti makalata a milandu azifikira. Akasiya samani pamenepo, lamulo limatenga kuti mwalandira, ngakhale munasamuka kalekale, ndipo khoti lingagamule inu kulibe. Achimwene anu alembe adiresi yomwe amapezekadi, ndipo akasamuka adziwitse mwininyumba polemba kalata.

Mungadziwerengere nokha motere, inu ndi mnzanuyo, madzulo amodzi. Pa ndime iliyonse funsani kuti ikulamula ndani kuchita chiyani, pofika liti, ndipo akalephera chichitike n'chiyani. Paliponse pali ndalama, ilembeni papepala lina ndi kuisandutsa marandi enieni: chindapusa cha R100 patsiku chimaoneka chochepa, koma pamwezi ndi R3 000, pafupifupi theka la lendi yanu. Onani ngati madzi, zinyalala, zimbudzi ndi malo oimika galimoto zili mkati mwa R6 500 kapena zimabwera padera, chifukwa pamenepo ndi pomwe lendi imakwerera mwakachetechete. Kenako ikani chizindikiro pa ndime iliyonse yopatsa mbali imodzi mphamvu yomwe inayo ilibe, monga yoti iye angathetse mgwirizano ndi notisi ya sabata imodzi koma inu ayi, kapena yoti angalowe m'nyumba nthawi iliyonse. Ndime yoti musiye pasipoti yanu yeniyeni, khadi la kubanki kapena nambala yake yachinsinsi kwa mwininyumba ikanidwe pomwepo. Lamulo la ogula lija, pa gawo 51, limaletsa zimenezo. Kupempha kope ya pasipoti ndi pemiti n'kwachizolowezi, popeza malamulo olowa ndi kutuluka m'dziko amaletsa eni nyumba kuchititsa lendi mlendo wopanda mapepala.

Kuwerenga kotereku kumakupatsani mndandanda wa mafunso abwino, ndipo nthawi zambiri pa lendi wamba ya chipinda kapena fulati kumakwanira. Koma pali zomwe sikungaone, ngakhale wowerengayo atakhala mphunzitsi wa Chingerezi. Choyamba ndi zomwe sizinalembedwe. Munthu amene sanaonepo migwirizano yambiri sazindikira kuti ndime yonena za wokonza giza ikaphulika kulibe, kapena kuti sanatchule masiku omwe mumapatsidwa kuti mukonze cholakwa asanathetse mgwirizano. Kumene lamulo la ogula likugwira ntchito, masiku amenewo ndi 20 ogwira ntchito, ngakhale pepala litanena 7.

Chachiwiri, pepala silikuuzani ngati amene akukuchititsani lendiyo ali ndi mphamvu yotero. Mu Joni muno muli nyumba zolandidwa ndi anthu omwe amatolera lendi pomwe si eni ake, ndipo muli ochita lendi omwe amachititsanso ena mwini wake osadziwa. Mgwirizano wawo ungakhale wolembedwa bwino kuposa wa mwini weniweni. Loya amafufuza ku ofesi yosunga maina a eni malo, Deeds Office, n'kuona ngati dzina la m'pepala ndi lomwe lili kumeneko. Inu panokha mungapemphe bilu ya kukhonsolo yokhala ndi dzina la mwini wake, ndi setifiketi ya ejentiyo yotchedwa Fidelity Fund Certificate, yomwe ejenti aliyense wovomerezeka amayenera kukhala nayo. Musatumize R13 000 musanalowe m'fulatimo ndi kuona kuti makiyi ali nawodi. Kukakamiza kuti zonse zithe pofika Lachisanu nthawi zina n'chifukwa choti ofuna fulatiyo ndi ambiri, koma akuba nawonso amalankhula chimodzimodzi.

Chachitatu ndi udindo. Mnzanu akalakwitsa pomasulira, palibe komwe mungakadandaule, ndipo simungafunenso kutero. Loya amalembedwa m'kaundula wa Legal Practice Council, komwe mungafufuze ngati alidi loya ndi kukadandaula akakulakwirani, ndipo zomwe mwamuuza zimatetezedwa ngati chinsinsi pamaso pa khoti. Izi zikukhudza kwambiri munthu amene nkhani ya pemiti yake ili ndi mavuto. Samalani ndi anthu omwe amadzitcha alangizi a malamulo m'timaofesi ta m'tauni, olemba makalata a zonse kuyambira pemiti mpaka ukwati. Ena amathandizadi, koma si maloya, ndipo sangakuimireni kukhoti pa mlandu wochotsedwa m'nyumba.

Kwa inu, Mayi, maganizo anga ndi awa. Pakanakhala ndime ya loko yokha ndi ya dipoziti, ndikanati lemberani ejenti kuti azisinthe, basi. Koma chifukwa cha tsamba la achimwene anu, onanani ndi loya kamodzi musanasaine, ndipo achimwenewo apite nanu, popeza amene akusenza katundu wolemera ndi iwo. Ngati ali pabanja, amuuze loya komwe anakwatirana ndi mtundu wa ukwati wawo, chifukwa pa maukwati ena a chuma chophatikiza pamafunika chilolezo cholembedwa cha mkazi munthu asanaimire ngongole, ndipo kudziwa lamulo la dziko liti likulamulira ukwati womangidwa ku Malawi si nkhani yongoganizira. Kuti ndalama isachuluke, funsani mtengo wa ola limodzi musanapite, tumizani pepalalo pasadakhale, ndipo mupite ndi mafunso atatu olembedwa: kodi gawo 14 likugwira ntchito kwa mwininyumba uyu, tsamba la woimira lilembedwe bwanji kuti likhale ndi malire, ndipo mwini fulatiyi ndani. Ngati thumba silikulola, yesani Legal Aid South Africa, Wits Law Clinic ku Braamfontein kapena ProBono.Org. Amayamba aona zomwe mumapeza pamwezi ndi mtundu wa nkhani yanu, ndipo sikawirikawiri kuthandizidwa tsiku lomwelo, ndiye muuzeni ejenti lero kuti mukufuna masiku ena asanu.

Mukadzalowa m'nyumbamo mavuto n'kubuka, monga kukanizidwa dipoziti, kudulidwa magetsi kapena kusakonzedwa kwa zowonongeka, Gauteng Rental Housing Tribunal imamva madandaulo otero kwaulere, simufunika loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Koma tsiku lomwe sherifu adzabweretse pepala lokhala ndi chidindo cha khoti ndi nambala ya mlandu, kwa inu kapena kwa achimwene, limenelo si lokawerengetsa kwa mnzanu Lamlungu mukatuluka kutchalitchi. Samani ya ngongole kukhoti la majisitireti imakupatsani masiku 10 ogwira ntchito a khoti kuti mudziwitse kuti mukutsutsa mlanduwo, ndipo amayamba kuwerengedwa pepalalo likangosiyidwa pa adiresi ija munalemba.